Mavyu atsika ndi theka pa tchanelo chathu cha zaulimi: momwe tafufuzira chomwe chavuta

Lolemba, 6 Okutobala 2025

Tchanelo chathu cha pa YouTube chili ndi mavidiyo 84, onse a m'Chichewa, okamba za chimanga, nkhuku za m'mudzi, tomato ndi manyowa. Kwa miyezi ingapo timapeza mavyu pafupifupi 1,400 pa tsiku. Sabata yathayi tapeza 620 pa tsiku. Anzanga a m'gulu lathu agamula kale kuti aligorizimu, njira yomwe YouTube imasankhira mavidiyo oonetsa anthu, yasintha ndipo palibe chochita. Ine sindikukana kuti zimachitika, koma mlandu umenewu ndi wosavuta kuutchula, ndipo ukaukhulupirira umasiya kuyang'ana zinthu zomwe ungakonze ndi manja ako. Choncho ndilemba pano chilichonse chomwe ndayesa, kuti wina zikamuchitikira adziwe poyambira.

Zofunika: kompyuta, chifukwa pulogalamu ya YouTube Studio ya pafoni sionetsa zonse, bandulo, yomwe ndagula ya K8,000, kope ndi cholembera. Laputopu ndikubwereka pa shopu yojambulitsa mapepala, K2,000 pa ola.

Ndayamba ndi zophweka. Mu Content ndayang'ana mzere wa Visibility ndi wa Restrictions: palibe vidiyo yomwe yabisidwa, palibe dandaulo la umwini wa nyimbo, palibe yomwe yalembedwa kuti Made for kids. Pa Dashboard palibe chenjezo lililonse. Izi zimatenga mphindi khumi, ndipo zikanapezeka, kafukufuku yense akanathera pomwepo.

Kenako ndayang'ana mzere wa mavyu a tsiku ndi tsiku kuyambira mu Ogasiti. Maonekedwe ake andiuza zambiri kuposa chiwerengero chenichenicho. Pali zinthu zitatu. Pali kutsetsereka kwapang'onopang'ono kuyambira sabata yachiwiri ya Seputembala. Pali kambuna ka masiku a chisankho, kuyambira cha pa 15 Seputembala mpaka zotsatira zitalengezedwa pa 24, pomwe anthu anali pa nkhani za mavoti. Kambuna kameneka kanayamba kudzadza kokha. Ndiye pali phompho pa 28 Seputembala: mzere wagwa tsiku limodzi, sunadzukenso. Kutsetsereka ndi kugwa kwa tsiku limodzi si matenda amodzi. Omvera satopa onse usiku umodzi, ndipo chinthu chomwe chathyoka sichithyoka pang'onopang'ono. Ndikuganiza kuti pali zifukwa ziwiri zosiyana zomwe zakumana.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Lero ndalowa mu Analytics, ndadina Advanced mode, ndasankha Traffic source. Ndafanizira sabata ziwiri zoyambira Lolemba kufika Lamlungu: 1 mpaka 7 Seputembala, chisankho chisanafike, ndi 29 Seputembala mpaka 5 Okutobala. Ndadikira dala mpaka lero chifukwa manambala a masiku awiri omaliza amachedwa kukhazikika, ndipo ukawawerenga msanga amaoneka otsika kuposa momwe alili.

```
Traffic source      1-7 Sep   29 Sep-5 Oct
YouTube search        4,100          1,300
Browse features       2,600            900
Suggested videos      1,700            950
External              1,000            900
```

Njira zina zing'onozing'ono zatsika kuchoka pa 400 kufika pa 290. Zonse pamodzi ndi 9,800 sabata yoyambayo, 4,340 sabata yachiwiriyo. Tataya 5,460, ndipo oposa theka la amenewa atayika pa YouTube search, ndiye kuti anthu omwe amalemba mawu m'kabokosi kofufuzira. External, omwe ambiri ndi odina maulalo omwe timatumiza m'magulu a WhatsApp, sanasinthe kwenikweni. Izi zandikhazika mtima pansi pang'ono: anthu akadali ndi bandulo, ndipo akadali kufuna zaulimi.

Njira iliyonse ili ndi chomwe chimaiyendetsa. Ofufuza amakupeza ngati mawu a mutu wako, malongosoledwe ndi zomwe zili m'vidiyomo zikugwirizana ndi zomwe alemba. Browse features ndi tsamba loyamba lija munthu akangotsegula YouTube, pamodzi ndi tsamba la matchanelo omwe amawatsatira, ndipo pamenepo chomwe chimalemera ndi momwe oonera akulandirira mavidiyo ako atsopano. Ndiye kugwa kwa ofufuza kukundilozera ku mitu, pomwe kugwa kwa tsamba loyamba kukundilozera ku zomwe takhala tikutulutsa.

Ndayesanso chinthu chimodzi chokhudza YouTube yeniyeniyo. Pakati pa Ogasiti 2025 eni matchanelo ambiri a kunja anadandaula kuti mavyu a pa kompyuta atsika mwadzidzidzi, ndipo YouTube inanena kuti mapulogalamu otchinga malonda akhoza kusokoneza kawerengedwe ka mavyu. Ndasankha Device type kuti ndione ngati nafe zatikhudza. Oonera athu pafupifupi onse ali pa foni, ndipo kutsika kwathu kuli pa foni pomwepo, tsiku lakenso ndi lina. Nkhani imeneyo si yathu. Sititulutsanso Shorts, timavidiyo tatifupi ta pa YouTube, choncho kusintha kwa kawerengedwe kake komwe kunachitika pa 31 Malichi 2025 sikutikhudza. Ola limodzi ndi theka, K3,000.

Lachitatu, 8 Okutobala

Tsiku la lero ndi lomwe latsegula nkhani yonse. Ndatsitsa mndandanda wa mavidiyo onse ngati fayilo ya .csv, pa sabata ziwiri zija, n'kuyamba kuona kuti ndi ati omwe agwa. Ndisanafike patali ndaona mitu ya Chingerezi yomwe sindinaidziwe. Vidiyo yathu yokondedwa kwambiri inali ndi mutu uwu:

```
Kasungidwe ka chimanga m'matumba a PICS: anankafumbwe asalowe
```

Tsopano ikuwerengeka chonchi:

```
Best Maize Storage Tips Africa 2025 | Farming Business Ideas
```

Ndafunsa mnyamata yemwe amatithandiza kukweza mavidiyo. Wandiuza mosabisa kuti Loweruka pa 27 Seputembala anasintha mitu ya mavidiyo 30 omwe amaonedwa kwambiri, pamodzi ndi matagi ake, mawu omwe timaika pa vidiyo kuti athandize ofufuza kuipeza, atamva kuti mitu ya Chingerezi imakopa anthu a mayiko ena. Cholinga chake chinali chabwino, ndipo malangizo amenewa ndi ofala moti aliyense akhoza kuwatsatira. Tsikulo likugwirizana ndendende ndi phompho la pa 28.

Koma kupeza chinthu chimodzi sikutanthauza kuti ndi chokhacho. Ndagawa mavidiyo 84 aja m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi 30 osinthidwa mitu: anali ndi mavyu 4,900 pa sabata, tsopano 1,400. Gulu lachiwiri ndi mavidiyo asanu ndi imodzi atsopano, onse okamba za manyowa a Mbeya, omwe takhala tikutulutsa Loweruka lililonse kuyambira pa 23 Ogasiti: kuchoka pa 2,600 kufika pa 800. Gulu lachitatu ndi 48 akale omwe palibe anawakhudza: kuchoka pa 2,300 kufika pa 2,140.

Gulu lachitatuli ndi lomwe likuyankha funso la aligorizimu. Ali ngati mzere uja timausiya osathira feteleza pa munda wachitsanzo: ukafota nawonso, vuto ndi mvula kapena nthaka, ukakhala bwino, vuto ndi zomwe tathira m'mizere inayo. YouTube ikanakhala kuti yasintha kasankhidwe ka mavidiyo, kapena yasiya kukonda tchanelo chathu chonse, mavidiyo 48 amenewa akanagwa limodzi ndi anzawo. Atsika ndi 160 okha, kusintha komwe kumachitika sabata iliyonse. Ndafunsanso anzanga awiri omwe ali ndi matchanelo a Chichewa, wina wa zophika, wina wa nyimbo za kwaya, kuti andiuze momwe mizere yawo yayendera. Onse anaona kambuna ka chisankho, palibe amene anaona phompho pa 28. Sindinganene kuti aligorizimu sinasinthe kalikonse mwezi wathawu, chifukwa imasinthidwa kawirikawiri popanda kulengeza, koma kusinthako sikomwe kwatigwetsa.

Ndatsegula vidiyo ya chimanga ija payokha, pa tsamba la Reach, pomwe pali mndandanda wa mawu omwe anthu analemba kuti aipeze. Kale pamwamba panali "kusunga chimanga", "matumba a pics" ndi "mankhwala a anankafumbwe". Tsopano mawu amenewa atsikira pansi, ena asowa. M'malo mwake vidiyoyi ikupikisana ndi mavidiyo a Chingerezi osawerengeka a mutu wofanana, ndipo ochepa omwe akuipeza akuchokera m'mayiko omwe samva Chichewa. Average view duration, nthawi yomwe oonera amakhala pa vidiyoyo, yatsika kuchoka pa mphindi zinayi kufika pa masekondi 50. Munthu amadina akuyembekezera Chingerezi, amamva "Moni alimi anzanga", n'kutuluka. Apa ndi pomwe mutu wolakwika umapweteka kawiri: umachotsa omwe amakufuna, n'kubweretsa omwe sakhalitsa, ndipo kusakhalitsa kwawoko kumachititsa kuti vidiyoyo iziikidwa mocheperako pambali pa mavidiyo ena. Ndikuganiza kuti ndi chifukwa chake Suggested videos nawo atsika.

Lachinayi, 9 Okutobala

Vuto la lero: YouTube Studio sisunga mitu yakale. Ukasintha, wakalewo wapita. Mwamwayi ndinali ndi fayilo ya .csv yomwe ndinatsitsa mu Julayi, ndipo ili ndi mitu 26 mwa 30 ija. Mitu itatu ndaipeza m'gulu la WhatsApp, pomwe ulalo unatumizidwa kale ndipo mutu wake ukuonekabe pansi pa kachithunzi. Umodzi ndaulembanso kuchokera m'mutu. Matagi akale mulibe m'fayiloyo, choncho ndawalemba potengera mawu omwe anthu ankafufuzira mu Ogasiti.

Anzanga amafuna tibweze zonse lero lomwe. Ndawapempha sabata imodzi, chifukwa mitu ndi matagi zinasinthidwa tsiku limodzi, ndipo tikabweza zonse pamodzi sitidzadziwa chomwe chinali ndi mphamvu. Ndasanja mavidiyo 30 aja kuyambira oonedwa kwambiri, n'kuwagawa mosinthanasintha m'magulu atatu a khumi khumi kuti pasakhale gulu lotenga amphamvu okhaokha. Gulu lililonse linali ndi mavyu pafupifupi 1,630 pa sabata kale, ndipo pafupifupi 470 tsopano. Khumi oyamba ndabweza mitu yokha. Khumi achiwiri ndabweza matagi okha. Khumi achitatu sindinawakhudze. Zithunzi za pamwamba ndi malongosoledwe sindinasinthe paliponse.

Kudikiraku kuli ndi mtengo wake: mavidiyo 20 akhala sabata ina ali ndi mitu yolakwika, nthawi yomwe alimi akusosa ndi kukonzekera mvula. Ndavomera mtengowo chifukwa mkangano wa matagi umabwerabe m'gulu lathu mwezi uliwonse. Magetsi anazima ndili pakati, ndinamalizira pa foni, pomwe kusintha mutu kumatheka koma kumachedwa. Maola awiri a laputopu, K4,000.

Loweruka, 11 Okutobala

Podikira zotsatira za mitu, ndatembenukira ku mavidiyo a manyowa a Mbeya. Sungafanizire vidiyo ya miyezi iwiri ndi ya sabata imodzi poona mavyu onse, ndiye ndatenga masiku 7 oyamba a iliyonse. Motsatana ndi 2,100, 1,900, 1,300, 900, 640 ndi 480.

Pali manambala awiri omwe ayenera kuwerengedwa limodzi. Impressions ndi kangati kachithunzi ka vidiyo yako kaonetsedwa kwa anthu mkati mwa YouTube; maulalo a pa WhatsApp sawerengedwa pamenepa. Impressions click-through rate ndi angati mwa 100 aliwonse oonetsedwa omwe anadina. YouTube imanena kuti theka la matchanelo ndi mavidiyo limakhala pakati pa 2% ndi 10%, koma malire amenewa ndi otakata kwambiri moti sathandiza. Chofunika ndi kufanizira ndi mavidiyo ako omwe. Vidiyo yoyamba ya Mbeya inali pa 7.4%, yomaliza pa 3.1%.

Chomwe chandiphunzitsa kwambiri ndi ndondomeko ya kugwako. Pa vidiyo yachisanu ndi chimodzi, tsiku loyamba Impressions anali pafupifupi ofanana ndi a vidiyo yoyamba. YouTube inaionetsa kwa anthu athu monga mwa nthawi zonse. Anthuwo sanadine. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu ndi pomwe kuonetsedwa kunatsika. Ikanakhala aligorizimu yomwe yatitembenukira, kuonetsedwa kukanayamba kutsika pomwe odina akadali chimodzimodzi. Apa odina ndi omwe anayamba kuchoka, makina anangotsatira.

Ndinafuna kudziwanso ngati mavidiyowo anali oipa. Ayi: omwe anadina anakhalabe mphindi zinayi ndi masekondi angapo, monga pa oyamba aja. Nanga mwina nyengo yake yapita? Ayinso, chifukwa manyowawa amafuna masiku 21 kuti apse, ndipo ino ndi nthawi yomwe anthu akuwapanga mvula isanagwe. Umboni wake ndi wakuti vidiyo yoyamba, yoonetsa kasakanizidwe ka gaga, phulusa, ndowe, feteleza ndi madzi, ikupezabe anthu atsopano ofufuza, ndipo akuwonjezekera. Ndinayesa Google Trends, ndikusankha Malawi ndi YouTube Search, koma pa mawu a Chichewa inangonena kuti palibe manambala okwanira, ndiye umboni wa m'tchanelo mwathu momwemo ndi womwe ndadalira.

Choncho mutuwo sunafe. Omwe atopa ndi oonera athu a nthawi zonse. Ataona kapangidwe kake kamodzi kapena kawiri, vidiyo yachinayi yokhala ndi thumba lomwelo pa chithunzi ndi mawu oyamba omwewo pa mutu inkaoneka ngati anaionera kale. Mitu isanu mwa isanu ndi umodzi imayamba ndi "Manyowa a Mbeya", ndipo pa foni mutu wautali umadulidwa, moti chomwe chikusiyanitsa vidiyo ina ndi inzake chinkagwera kumapeto kosaoneka.

Pali chosokoneza chimodzi: vidiyo ya pa 13 ndi ya pa 20 Seputembala zinatuluka m'nyengo ya chisankho, ndiye kutsika kwake sikungakhale kutopa kokha. Koma ya pa 6 inali itatsika kale, ndipo ya pa 27, zotsatira zitatuluka, inatsikabe. Kuti nditsimikize, lero tatulutsa vidiyo ya nkhani ina kotheratu: kudonthezera nkhuku katemera wa chitopa wa I-2 m'diso. Ola lotulutsira ndi lomwelo, kutalika kwake ndi komweko. Kujambula kwatidyera K6,000 ya kabaza ndi katemera.

Lachisanu, 17 Okutobala

Zotsatira za magulu atatu, pa masiku 10 mpaka 16 Okutobala, ngakhale tsiku lomalizalo likhoza kukwerako pang'ono. Obwezedwa mitu achoka pa 470 kufika pa 1,050. Obwezedwa matagi okha ali pa 500. Osakhudzidwa ali pa 450. Kusiyana kwa 500 ndi 450 n'kochepa moti sindingakuwerengere. Mitu ndi yomwe inathyoka. Izi zikugwirizana ndi zomwe YouTube imanena yokha, kuti matagi amathandiza pang'ono chabe, makamaka pa mawu omwe anthu amawalemba mosiyanasiyana. Kwa ife phindu lawo lili pomwepo: wina amalemba "feteleza", wina "fetereza", wina "anankafumbwe", wina "nankafumbwe". Malo a matagi ndi zilembo 500, koma sitikufunikira ngakhale theka lake.

Kukwerako sikunabwere tsiku limodzi monga kugwa kunachitira. Masiku awiri oyamba panalibe kusintha, ndipo mmodzi wa ife anafuna kusinthanso mituyo. Ndinamuletsa. Tsiku lachitatu mawu a Chichewa anayamba kubwerera pa mndandanda wa ofufuza, ndipo Average view duration inabwerera pa mphindi zitatu ndi theka mavyu asanakwere. Kwa ine chimenecho ndi chizindikiro choyamba choyang'ana: ngati oyenera ayambanso kufika, chiwerengero chitsatira.

Lero ndabweza mitu 20 yotsalayo. Ndaisintha umodziumodzi. Mu Content muli njira yosinthira mavidiyo ambiri nthawi imodzi, koma ukasankha molakwika ukhoza kupatsa mavidiyo onse mutu umodzi, ndipo palibe batani lobwezera. Ola limodzi, K2,000, ndi bandulo ina ya K8,000.

Lolemba, 20 Okutobala

Vidiyo ya chitopa yakwanitsa masiku 7 ndi mavyu 1,750, odina ali pa 6.8%, ambiri kuchokera ku Browse features. Tchanelo ndi chomwecho, oonera ndi omwewo, sabata ziwiri zokha kuchokera pa vidiyo yomwe inapeza 480. Tsamba loyamba silinatitsekere. Mavidiyo a Mbeya tawaika mu mndandanda umodzi, ndipo anayi omaliza tawasintha mitu kuti chosiyanitsa chikhale patsogolo, monga "Thumba lanunkha moipa pa tsiku la 10: chavuta n'chiyani pa manyowa a Mbeya". Sindikuyembekezera kuti oonera akale abwerere ku mavidiyo amenewa; ndikufuna kuti ofufuza atsopano apeze yoyankha funso lawo lenileni.

Lolemba, 3 Novembala

Sabata yomwe yathayi tapeza mavyu pafupifupi 1,230 pa tsiku. Sitinafike pa 1,400. Mavidiyo 26 mwa 30 aja abwerera pafupi ndi pomwe anali. Anayi sanabwerere, ndipo ndawayang'ana imodziimodzi. Atatu ndi a kukolola ndi kusunga chimanga, omwe ofufuza ake amachepa chaka chilichonse ikafika nthawi yodzala. Ndaona zomwezo pa manambala a Novembala wa chaka chatha, ndiye amenewa ndiwasiya mpaka Epulo. Wachinayi ndi wa matenda a tomato. Ndikalemba mawu ake m'kabokosi kofufuzira, pamwamba pakubwera vidiyo ya tchanelo china yomwe inatuluka mu Okutobala, nthawi yomwe yathu inali ndi mutu wa Chingerezi. Ndi vidiyo yabwino, yojambulidwa pafupi ndi masamba odwalawo kuposa yathu, ndipo malowo yawatenga moyenera. Kubweza mutu sikungaichotse pamenepo. Tijambula yathu yatsopano mvula ikayamba, matendawo akuoneka m'dimba.

Ndalama zonse zomwe zapita ndi K31,000, kuphatikiza mabandulo awiri, laputopu ndi kujambula kwa chitopa, osawerengera ola loyamba lija lomwe mwini shopu sanandilipiritse. Tagwirizana zinthu zitatu. Pa 1 mwezi uliwonse tizitsitsa fayilo ya .csv n'kuisunga, kuti mitu yakale isamasowe. Wosintha mutu azilemba m'kope tsiku, mutu wakale ndi watsopano, ndipo asapitirire mavidiyo asanu nthawi imodzi. Nkhani imodzi isatuluke kopitirira kawiri motsatana. Loweruka likubwerali tikutulutsa ya kabzalidwe ka chimanga chimodzichimodzi pa phando, ndipo ndidzalemba manambala ake a masiku 7 pa 17 Novembala.